Lipoti Latsopano la pa Kompyuta: Liyeseni Musanalikhulupirire

M'maofesi ambiri ntchito imene wowerengera ndalama ankaigwira masiku awiri, lero ikugwiridwa ndi pulogalamu imene imatunga yokha manambala mu sisitimu ya kampani n'kutulutsa lipoti m'mawa uliwonse. Lipotilo limaoneka bwino, mizere yowongoka, mitundu yosiyanasiyana, ndipo bwana akangoliona amalikonda. Koma lipoti si kaundula. Kaundula weniweni ndi sisitimu imene lisiti lililonse linalembedwamo pa nthawi imene ndalama inalowa. Lipoti limangokopera kumeneko, ndipo pokopera likhoza kudumpha zina, kubwereza zina, osadandaula n'komwe.

N'chifukwa chake lipoti latsopano liyenera kuyerekezeredwa ndi gwero lake lisanafike pa tebulo la bwana. Kuti tione mmene ntchitoyi imayendera, tiyerekeze bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama limene langopanga lipoti la ngongole zimene mamembala abweza. Ena amabweza pa kauntala, ena pa foni kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba.

Poyamba musankhe mwezi umene unatha kale ndipo mabuku ake anatsekedwa, tinene Malichi. Mwezi umene ukadali m'kati ndi wosayenera, chifukwa ndalama zikulowabe, ndiye manambala amene mwatenga m'mawa adzasiyana ndi a masana popanda cholakwa chilichonse. Kenako kuchokera mu sisitimu ya ngongole mutenge manambala awiri: kuchuluka kwa malisiti, ndi ndalama zonse zikawonkhetsedwa. Muwalembe papepala musanatsegule lipoti latsopano lija.

Tinene kuti sisitimu yati malisiti 4,212, ndalama K86,450,000. Lipoti likuti mizere 4,230, ndalama K87,130,000. Lapitirira ndi mizere 18 komanso K680,000.

Apa m'pamene ambiri amagwa. Kusiyanaku sikufika ngakhale gawo limodzi pa magawo 100, choncho wina amati, "Aaa, zayandikana, tiyeni tizigwiritsa ntchito." Ine ndimakana zimenezi kwamtuwagalu. Kompyuta ikamawonkhetsa malisiti omwewo iyenera kupeza yankho lomwelo mpaka tambala. Ikapeza lina ndiye kuti sikuwonkhetsa malisiti omwewo, ndipo kusiyana kochepa kumene mukuonako kungakhale chotsala cha zolakwa zikuluzikulu zimene zabisana, china chokweza, china chotsitsa.

Njira yopezera pamene pavuta ndi kugawa. Muyerekeze tsiku ndi tsiku, kenako nthambi ndi nthambi, kenako za pa kauntala pazokha ndi za pa foni pazokha. Mu chitsanzo chathu, tsiku la 1 ndi la 31 Malichi ndiwo asiyana kwambiri, pomwe masiku a pakati lipoti langopitirira pang'onopang'ono. Zimenezi zikusonyeza kuti mavuto alipo angapo.

Tiyambe ndi a pakatiwo. Lisiti lililonse lili ndi nambala yakeyake, ndipo siliyenera kuoneka kawiri. Mukatsitsira lipotilo mu Excel, manambala a malisiti ali m'ndandanda A, mulembe izi pa mzere wachiwiri n'kukokera mpaka pansi:

```
=COUNTIF(A:A,A2)
```

Paliponse pamene patuluka 2, lisitilo labwerezedwa. Mwa ife apezeka malisiti 25 otere, okwana K910,000. Chifukwa chake n'chodziwika bwino kwa opanga malipoti. Kuti dzina la membala lioneke pambali pa lisiti, pulogalamu imalumikiza ndandanda ya malisiti ndi ndandanda ya mamembala. Membala amene ali ndi manambala a foni awiri amakhala ndi mizere iwiri m'ndandanda ya mamembala, ndiye lisiti lake limodzi limakwatitsidwa ndi mizere yonse iwiri. Mayi amene anabweza K40,000 akuoneka kuti anabweza K80,000. Tangoganizani mayiyo atauzidwa kuti ngongole yatha, kenako patapita miyezi itatu n'kumutsatira kunyumba kuti akadali nayo.

Vuto lachiwiri n'losavuta. Malisiti anayi, a K150,000, anafafanizidwa chifukwa wa pa kauntala analakwitsa akaunti. Sisitimu imawasunga koma siwawerengera. Wopanga lipoti sanauzidwe, ndiye anawerengera onse.

Lachitatu ndi la masiku a kumapeto aja, ndipo limazunguza mutu chifukwa palibe lisiti lolakwika. Makompyuta ambiri osunga zinthu amalemba nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC, pomwe nthawi ya ku Malawi ili patsogolo ndi maola awiri. Munthu akatumiza ndalama pa foni 1 koloko usiku, kucha kwa pa 1 Malichi, kompyuta imalemba kuti ndi 11 koloko usiku wa tsiku lomaliza la Febuluwale. Sisitimu ya ngongole imasintha nthawiyo isanakuonetseni, koma lipoti lathu linatenga nthawi yosasintha. Choncho linataya malisiti 14 a pa 1 Malichi, okwana K460,000, n'kutola atatu a pa 1 Epulo, okwana K80,000.

Tsopano tiwonkhetse. Pa mizere: 25 kuphatikiza 4 kuphatikiza 3, kuchotsa 14, yatsala 18. Pa ndalama: K910,000 ndi K150,000 ndi K80,000 zikwana K1,140,000; tikachotsa K460,000 zitsala K680,000. Kusiyana konse kwafotokozeka, palibe tambala yotsala. Koma onani kuti ndalama zimene zinali pamalo olakwika ndi K1,600,000, kuposa kawiri zimene zinkaoneka poyamba. Akanakhala kuti olipira usiku wa pa 1 Malichi anachulukirapo, ziwonkhetso ziwirizo zikanatha kufanana ndendende lipoti lili lolakwika. Ichi n'chifukwa chake timawerenganso mizere, osati ndalama zokha, ndipo timagawa masiku ngakhale chiwonkhetso cha mwezi chagwirizana.

Kuwerenga mizere kumaoneka ngati ntchito ya ana, koma kusowa kwake kunavutitsapo dziko lolemera. Mu 2020, bungwe la zaumoyo la ku Mangalande la Public Health England linapeza kuti anthu 15,841 amene anapezeka ndi Kovidi pakati pa 25 Sepitembala ndi 2 Okutobala sanalowe m'malipoti a tsiku ndi tsiku. Zotsatira zochokera ku malabotale zinkaikidwa m'mafayilo a Excel a mtundu wakale wa XLS, umene sulandira mizere yoposa 65,536. Fayilo ikadzaza, zotsala zinkangogwa, ndipo anthu amene anakhudzana ndi odwalawo anachedwa kufunidwa. Kufananitsa mizere imene yalowa ndi imene yatuluka kukanaonetsa vutoli tsiku loyamba.

Wopanga lipoti akakonza zolakwa zitatu zija, musangoyesanso Malichi yekha, chifukwa wakonza akuyang'ana Malichi. Tengani mwezi wina umene sanauone, makamaka wa chipwirikiti monga Disembala. Musankhenso malisiti khumi mwachisawawa mu sisitimu n'kuwafufuza mu lipoti, ndi ena khumi a mu lipoti n'kuwafufuza mu sisitimu. Njira yoyamba imagwira zosowa, yachiwiri imagwira zolowerera. Ndipo woyesa asakhale amene anapanga lipotilo. Akhale wa ku akaunti, amene amadziwa kuti lisiti lofafanizidwa siliwerengedwa, chinthu chimene katswiri wa kompyuta sangachilote ngati palibe wamuuza.

Kwa mwezi umodzi kapena iwiri njira yakale ipitirire pambali pa yatsopano. Kenako mupemphe kuti pansi pa lipoti pazikhala mzere woonetsa malisiti ndi ndalama za mu sisitimu, za mu lipoti, ndi kusiyana kwake, chifukwa tsiku limene sisitimu ya ngongole idzasinthidwe, kapena bungwe lidzayambe kulandira ndalama kudzera ku banki ina, lipoti limene linapambana mayeso a Malichi likhoza kuyamba kudumpha malisiti a njira yatsopanoyo.