Kodi Chovala cha ku Dirayi Kilina Tingachichape Pamanja?

Pa kaunjika pamapezeka zovala zomwe zinasokedwera anthu a m'mayiko omwe dirayi kilina ili pafupi ndi khomo. Munthu umagula juzi kapena diresi yokongola pamtengo wabwino, koma pofika kunyumba n'kuona kansalu ka m'kati kalembedwa kuti "Dry clean only". Nthawi zina mtengo wochapitsira umaposa womwe unagulira chovalacho, ndipo m'maboma ambiri malo ochapitsirawo kulibe n'komwe. Mafunso otsatirawa ndi omwe amabwera m'mutu beseni lili kale pakhonde.

Kodi ku dirayi kilina amachita chiyani chomwe ife sitingathe?

Kumeneko chovala chimanyowa ndithu, koma osati ndi madzi. Amachiika m'makina momwe muli mankhwala amadzimadzi osungunula mafuta, ndipo odziwika kwambiri ndi pekiloroetilini. Madzi amalowa m'kati mwa ulusi wa ubweya, silika kapena thonje n'kuutupitsa, ndipo ulusiwo ukamauma subwerera ndendende momwe unalili. Mankhwala aja satupitsa ulusi chotero, n'chifukwa chake chovala chimatulukamo chili ndi msinkhu wake ndi maonekedwe ake.

Pakansalu kaja pamakhalanso zizindikiro. Kamzere kozungulira ngati ziro kamatanthauza kuti chovalacho chingapite ku dirayi kilina, ndipo chilembo cha P kapena F m'kati mwake chimauza ochapawo mankhwala oyenera. Chizindikiro choti muyang'anitsitse ndi kabeseni. Mukaona kadzanja m'kabeseniko, chapani pamanja mtima uli m'malo. Kabeseniko kakadulidwa ndi mtanda, ndiye kuti wopanga akukana madzi.

Ndiye yankho ndi lakuti inde kapena ayi?

Zovala zina zimatheka, zina sizitheka, ndipo mawu a pakansalu paokha sakwanira kukuuzani kuti chanucho chili mbali iti. Opanga ambiri amalemba njira yomwe akudziwa kuti siiwabweretsera madandaulo. Komabe kansaluko kakangotchula dirayi kilina, kakhala kakukulangizani chabe. Kakawonjezera kuti njira ndi yokhayo, kakukuchenjezani, ndipo mukachapa m'madzi chikawonongeka palibe woti mukamudandaulire.

Choncho funsani zinthu ziwiri: nsaluyo ndi ya ulusi wanji, ndipo chovalacho anachisoka motani. Ulusi umalembedwa pakansalu komweko kapena kena ka m'mbali, pamodzi ndi maperesenti ake.

Poliyesita, nayiloni ndi akiriliki samwa madzi ambiri, ndipo kawirikawiri amachapika bwino. Thonje nalo limapirira, ngakhale limatha kufupika pang'ono. Juzi yoluka ya ubweya wa nkhosa imachapika ngati dzanja lili lofatsa. Silika wopanda maluwa, wa mtundu umodzi wosada kwambiri, nayenso amatheka. Nsalu yomwe ine ndimaiopa kuposa zonsezi ndi visikosi, yomwe ena amalemba kuti reyoni. Imaoneka yolimba, imagwa bwino m'thupi, koma ikanyowa ulusi wake umafooka kwambiri, ndipo diresi yofika m'mawondo imatha kuuma itakwera m'ntchafu kapena itapotoka m'misoko. Chikopa, veleveti, siketi ya mapindo osita ndi chovala chomwe mikanda yake anamata ndi guluu, zimenezo madzi asazikhudze.

Nanga jekete ya suti? Yanga yalembedwa kuti poliyesita.

Apa ndi pomwe ambiri amalirira. Jekete si nsalu imodzi ayi. Tapitani kwa telala mukaone akusoka: kunja kuli nsalu yomwe timaiona, m'kati muli nsalu yoterera, ndipo pakati pa ziwirizi, pachifuwa ndi pakolala, pali nsalu ina yolimbitsa yomwe m'majekete ambiri amaimata ndi guluu pogwiritsa ntchito kutentha. M'mapewa mulinso timapilo. Chilichonse mwa izi chimalandira madzi m'njira yakeyake. Nsalu ya m'kati ikafupika koma ya kunja osafupika, m'munsi mwa jekete mumakokeka n'kupindikira m'kati. Guluu uja akamatuka, pachifuwa pamatuluka timatuza ngati khoma lomwe penti wake walowa chinyezi, ndipo ngakhale musite chotani timatuzato timabwereranso. Timapilo ta m'mapewa timakwinyika n'kusuntha.

Kansalu kolembedwa poliyesita nthawi zambiri kamanena za nsalu ya kunja ndi ya m'kati basi, za guluu sikanena. Langizo langa ndi lakuti jekete ya suti yomwe mumaidalira ku ukwati, ku tchalitchi kapena ku ntchito isalowe m'beseni. Ndipo musachape buluku lokha kusiya jekete, chifukwa pakapita nthawi ziwirizi zimasiyana mtundu, suti n'kusanduka zovala ziwiri zosagwirizana.

Chomwe mungachite kunyumba ndi kuisamala kuti isafune kuchapidwa pafupipafupi. Mukavula, ikolekeni pa hang'ala yokhuthala m'mapewa pamalo popita mphepo, ipukuteni fumbi ndi bulashi yofewa kuchokera m'mwamba kutsika m'munsi, ndipo litsiro la pakolala lichotseni ndi kansalu konyowa pang'ono, modinda osati mokhula.

Ndingadziwe bwanji ndisanachiviike kuti chiwonongeka?

Yesani pamalo obisika. Tembenuzani chovalacho, pezani pomwe nsalu inatsalira kuseri kwa msoko kapena m'kati mwa mpendero. Donthezanipo madzi osakaniza ndi sopo yemwe mukufuna kuchapira, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako dindanipo ndi kansalu koyera. Kansaluko kakatenga mtundu, utoto uchucha m'beseni, ndipo ngati chovalacho chili ndi mitundu ingapo, wofiira ukalowa mwa woyera. Chovala cha mitundu yambiri muyese mtundu uliwonse paokha. Mukatero siyani malowo aume. Pakauma patakwinyika, patalimba, kapena patatsala mzere wozungulira pomwe madzi analekezera, nsaluyo yakana.

Kuyesaku sikuulula zonse. Kumaonetsa za utoto ndi maonekedwe a pamwamba, koma kufupika kwa chovala chonse kumaoneka pokhapokha chonse chanyowa. N'chifukwa chake funso lomaliza ndi la mumtima: chikawonongeka ndipirira? Ngati ndi diresi yobwereka, musayese.

Tinene kuti ndi juzi ya ubweya ndipo yapambana mayeso. Ndichape motani?

Ulusi wa ubweya uli ndi timamba tating'ono tosaoneka ndi maso. Ukakumana ndi madzi otentha, sopo waukali ndi kufikisa, timambato timakolana, ulusi n'kumangana, juzi ya munthu wamkulu n'kusanduka yokhuthala, yolimba, yokwana mwana. Zonse zomwe tichite pano n'zopewa zimenezi.

Yambani ndi kuyeza. Yalani juziyo patebulo, tengani tepi ya telala, lembani papepala: mwachitsanzo masentimita 52 kuchokera kukhwapa kufika kukhwapa linzake, 64 kuchokera paphewa kutsika m'munsi, ndi 58 kutalika kwa mkono. Manambala amenewa adzakuthandizani poyanika.

Thirani madzi okwana malita 5 m'beseni loyera. Akhale ozizira kapena ofunda pang'ono chabe, osapitirira madigiri 30, oti dzanja silikumva kutentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala madzi omwe akhala padzuwa m'chigubu amatentha kuposa pamenepa, choncho chapani m'mawa. Ngati ndi a pachitsime ndipo ali ndi matope, adikheni kaye.

Sopo wa ufa wochapira tsiku ndi tsiku si woyenera. Ndi waukali kwa ubweya ndi silika, ndipo wina amakhala ndi mankhwala odya madontho a magazi ndi a zakudya, omwe amadyanso ulusi wochokera ku nyama. Jiki ndiye woopsa kwambiri, amawononga ulusi wotere mpaka kuusungunula. Gwiritsani ntchito sopo wamadzi wochapira ubweya, ndipo akasowa, shampu ya ana imagwira ntchito. Supuni yaing'ono imodzi yakwana. Isungunuleni m'madzi juzi isanalowe.

Tembenuzani juziyo, imizeni, ndipo muziikanikiza pansi ndi zikhato pang'onopang'ono kuti madzi adutse mu ulusi. Musafikise, musaikhule pamwala, musaipotokole. M'khwapa ndi m'khosi finyani mofatsa ndi zala. Mphindi 10 zakwana. Potsukuluza, tayani madzi juzi ili m'beseni momwemo mutaigwira ndi dzanja, thiranimo ena ozizira mofanana ndi oyamba aja, ndipo bwerezani mpaka thovu litatha. Poitulutsa inyamuleni yonse ndi manja awiri ngati mtolo, chifukwa mukaikoka paphewa kulemera kwa madzi kumaitalikitsa.

Yalani thawulo louma, ikanipo juziyo, kulungani zonse pamodzi n'kukanikiza kuti thawulo limwe madzi. Kenako iyaleni pa thawulo lina pamthunzi, tengani tepi ija, ndipo ikonzeni ndi manja mpaka ibwerere pa 52, 64 ndi 58. Isapite pachingwe, isaone dzuwa, isayandikire mbaula. Mbali imodzi ikauma itembenuzeni. Nyengo yozizira ya Juni imatha kutenga masiku awiri.

Bulauzi ya silika imachapidwa chimodzimodzi, kungoti isakhalitse m'madzi kupitirira mphindi zisanu. Isiteni chakuseri ikadali ndi kachinyezi, simbi ili yofunda chabe, mutayalapo kansalu ka thonje koyera. Ngati simbi yanu ndi ya makala, yambani mwaiyesa pa nsalu ina ndipo samalani ndi phulusa lotuluka m'mabowo.

Ena amati petulo kapena parafini amachotsa madontho ngati ku dirayi kilina. N'zoona?

Chonde musayese. N'zoona kuti kale ochapa zovala ankagwiritsa ntchito mafuta otere, koma anawasiya chifukwa cha ngozi za moto. Mpweya wa petulo umayenda chapansipansi ndipo umatha kukafika pa mbaula kapena kandulo yomwe ili patali n'kuyaka. Parafini amasiya fungo ndi dontho lakelake. Mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo nawonso ndi oopsa, chifukwa amasungunula aseteti, nsalu yoterera yomwe imakhala m'kati mwa majekete ndi madiresi ambiri.

Dontho la mafuta a ndiwo likagwera pa chovala chotere, lidindeni msanga ndi kapepala kofewa, thiranipo paudala wa ana, musiye usiku wonse, m'mawa mukutumule ndi bulashi. Likakana, musalisite, popeza kutentha kumalikhazikitsa. Pitani nacho kwa ochapa ndipo mukawauze chomwe chinagwerapo ndi tsiku lake.

Chafupika kale. Chingabwerere?

Zimatengera momwe chafupikira. Visikosi nthawi zina imabwererako mukainyowetsanso pang'ono n'kumaisita chakuseri mukuikoka mofatsa. Juzi yomwe yangochepa pang'ono, maluko ake akuonekabe bwinobwino, iviikeni kwa mphindi 20 m'madzi ozizira momwe mwasungunulamo supuni imodzi ya kondishona wa tsitsi, ifinyeni m'thawulo, kenako muitambasule pang'onopang'ono poyanika. Koma ngati yakhuthala, yalimba, ndipo simungathenso kuona ulusi umodziumodzi, timamba tija takolana kale ndipo palibe mankhwala otimasula. Ubwino wake nsalu yotero siyosoka ikadulidwa, ndiye telala angakudulireni chipewa cha mwana kapena kachikwama.