KUYEZA LIWIRO LA GALIMOTO NDI ZITHUNZI ZIWIRI

Anthu a ku Luwani, m'boma la Neno, amaudziwa bwino msewu waukulu wa M6 umene umachoka pa Zalewa kulowera ku Mwanza. Mumsewu umenewu mumayenda malole akuluakulu onyamula katundu wochokera ku Tete, ku Beira ndi ku Zimbabwe, ndipo m'mbali mwake mumayendanso ana a sukulu, amayi opita kumsika ndi ziweto. Makolo akadandaula kuti malole akuthamanga kwambiri, amafunsidwa kuti, kodi akuthamanga bwanji? Apa ambiri amasowa poyankha, pakuti maso okha sangathe kutchula nambala. Koma ilipo njira imene mphunzitsi kapena munthu aliyense wodziwa kuwerengera angapezere nambalayo. Pafunika zithunzi ziwiri, mizere yoyera ya pamsewu, ndi masamu pang'ono.

Maziko ake

Liwiro ndilo mtunda umene chinthu chayenda, wogawidwa ndi nthawi imene chatenga poyendapo. Chithunzi choyamba chimasonyeza pamene galimoto inali, ndipo chachiwiri chimasonyeza pamene yafika. Mizere ya pamsewu ndiyo imauza munthu kutalika kwa pakati pa malo awiriwo. Ngati nthawi ya pakati pa zithunzizo ikudziwikanso, ntchito yatsala ya kugawa yokha.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Maurice Gatsonides wa ku Holland, amene anapambana mpikisano wa magalimoto wa ku Monte Carlo mu 1953, anayambitsa mu 1958 kampani yopanga zipangizo zoyezera liwiro. Makamera otchedwa Gatso, amene anafala m'misewu ya ku Mangalande kuyambira mu 1992, amayeza liwiro ndi rada, koma amajambulanso zithunzi ziwiri zotsatizana, kawirikawiri motalikirana theka la sekondi. Pamsewu pamakhala timizere toyera tolembedwa dala, ndipo wofufuza amawerenga timizere timene galimoto yadutsa kuti atsimikize ngati makinawo sananame.

Kuyeza mizere

Pakati pa msewu wa phula pamakhala mzere woyera woduladula: kachigawo kopakidwa utoto, mpata, kachigawo kena, mpata wina. Ntchito yoyamba ndiyo kudziwa kutalika kwa zimenezi pamalo enieniwo, chifukwa mizere silingana m'misewu yonse. Munthu asayeze kachigawo kamodzi kokha. Ayeze kuyambira poyambira kachigawo kamodzi kufikira poyambira ka chisanu ndi chimodzi, nagawe ndi 5, pakuti pamenepo mulowa zigawo zisanu ndi mipata isanu. Akatero ayeze kachigawo kopakidwako pakokha.

Kuyeza kumeneku kuchitikire m'mphepete mwa msewu, osati pakati ayi. Woyeza aike miyala m'mphepetemo molunjika ndi mizere, natambasule tepi pakati pa miyalayo, mnzake ali chiimire kuyang'ana magalimoto mbali zonse ziwiri. Ana asatumidwe ntchito imeneyi. Pamene utoto unafufutika, miyala yopaka laimu yoikidwa m'mphepete pa mamita 5 alionse igwira ntchito yomweyo, malinga ichotsedwe pomaliza.

Kupeza nthawi

Apa ndipo pamene ambiri amaphonya. Foni imalemba nthawi imene chithunzi chajambulidwa, koma kawirikawiri imaonetsa masekondi athunthu okha. Ngati chithunzi china chalembedwa sekondi ya 7 ndipo china ya 8, nthawi yeniyeni ya pakati pake ingathe kukhala theka la sekondi, kapena sekondi imodzi ndi theka. Mamita 20 pa theka la sekondi ndiwo makilomita 144 pa ola, koma mamita 20 omwewo pa sekondi ndi theka ndiwo makilomita 48 okha. Muyeso wotere ulibe ntchito konse.

Njira yabwino ndiyo kujambula kanema. Kanema ndi zithunzi zambiri zotsatizana msangamsanga, ndipo mafoni ambiri amajambula zithunzi 30 pa sekondi imodzi. Tsono munthu akasankha chithunzi chimodzi, nawerenga zina 30 kutsogolo kwake, wapeza zithunzi ziwiri zotalikirana sekondi imodzi. Pakompyuta imene ili ndi pulogalamu ya VLC, batani la `E` limasuntha kanema chithunzi chimodzichimodzi. Powerenga, chithunzi choyambacho chisawerengedwe. Kuwerenga kuyambe pa chotsatira chake, monga momwe munthu woponda mapazi sawerenga pamene waima.

Ndi bwino kuyesa foniyo poyamba. Wojambula ajambule kanema wa wotchi yosonyeza masekondi, nawerenge zithunzi zolowa m'masekondi 5. Zikakwana 150, foniyo ikujambuladi 30 pa sekondi. Mafoni ena amachepetsa zithunzi kukachita mdima, kotero ntchitoyi ndi ya masana, dzuwa likuwala.

Poima wojambula

Wojambula aime patali ndi msewu, mamita 20 kapena kupitirirapo kuchokera pa mzere wa pakati, atayang'ana msewu chopingasa. Pamalo okwera, monga pachulu, ndi pabwino koposa chifukwa mizere imaoneka bwino. Foni ikhazikidwe pa chinthu cholimba, ndipo isatembenuzidwe kutsata galimoto. Ajambule galimoto yoyenda tsidya lija la mzere wa pakati, popeza yoyenda mbali yake imaphimba mzerewo ndi thupi lake.

Chitsanzo

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wina wa ku Luwani wayeza pamalo pena pa M6, napeza kuti kachigawo kopakidwa ndi mamita 4, mpata ndi mamita 8, zonse pamodzi mamita 12. Wajambula lole ikudutsa. Pa chithunzi choyamba, tayala la kutsogolo lili molunjika ndi poyambira kachigawo koyera. Pa chithunzi chachiwiri, patapita sekondi imodzi, tayala lomwelo ladutsa kachigawo koyamba ndi mpata wake, ladutsanso kachigawo kachiwiri, ndipo lili pakatikati pa mpata wachiwiri.

Mtunda wake uli motere: kachigawo koyamba ndi mpata wake, mamita 12, kachigawo kachiwiri, mamita 4, theka la mpata, mamita 4. Pamodzi ndi mamita 20. Loleyo ikuyenda mamita 20 pa sekondi.

Koma zikwangwani za pamsewu zimanena makilomita pa ola. Mu ola limodzi muli masekondi 3,600, choncho lole yoyenda mamita 20 pa sekondi ikatha ola itayenda mamita 72,000, ndiwo makilomita 72. Mwachidule, mamita a pa sekondi achulukitsidwe ndi 3.6.

20 × 3.6 = 72

Kwa achikulire amene anazolowera mailosi, amenewa ndi mailosi pafupifupi 45 pa ola. Ngati pamalopo pali chikwangwani cha 50, lole yomvera lamulo iyenera kuyenda mamita osapitirira 14 pa sekondi, ndiko kunena kachigawo kamodzi ndi mpata wake, ndi theka la kachigawo kotsatira. Yodutsa pamenepo yapyola muyeso.

Zosokoneza muyeso

Choyamba, munthu ayang'ane pamene tayala lakhudza phula, ndipo likhale tayala lomwelo m'zithunzi zonse ziwiri. Denga la lole lili m'mwamba, kutali ndi mizere, ndipo limanyenga maso. Lole yaikulu ilinso ndi matayala ambiri ofanana. Wosokoneza la kutsogolo ndi lotsatira lake amaonjeza kapena kuchotsa mamita angapo osadziwa.

Chachiwiri, asayeze ndi rula pachithunzi ngati msewu waujambula mopendekera. Pachithunzi chotere mizere ya kutali imaoneka yaifupi kuposa ya pafupi, ngakhale pamsewu ili yolingana. Awerenge mizere yeniyeniyo, ndipo kuyerekeza kukhale kwa kachigawo kotsiriza kokha.

Chachitatu, tayala siliponda pa mzere weniweniwo. Limayenda patsidya pake pang'ono. Chinthu chikakhala kutali, ulendo wake umaoneka waufupi, choncho muyeso umatuluka wochepa. Ngati wojambula ali mamita 20 kuchokera pa mzere, ndipo tayala lili mita imodzi kuseri kwake, mamita 20 a pachithunzi ndiwo 21 enieni. Akadaima pa mamita 10 okha, akadakhala 22. Ichi ndicho chifukwa chake kuima patali kumapereka muyeso wabwino.

Chachinayi, diso limaphonya. Tayala la galimoto yothamanga limaoneka mwachimbuuzi, ndipo kuphonya ndi mita imodzi ndi chinthu chapafupi. M'chitsanzo chija, mamita 19 akadapereka makilomita 68, ndipo 21 akadapereka 76. Tsono mphunzitsi uja anene kuti loleyo imayenda pakati pa 68 ndi 76, kapenanso kuposerapo pang'ono. Asaumirire pa 72. Popeza ngakhale nambala yochepayo yapyola 50 ndi patali, mawu ake ali ndi mphamvu. Koma muyeso ukatuluka 53, palibe chimene anganene, chifukwa 53 ndi 50 zili mkati mwa kuphonya komweko.

Ilipo njira yodziyesera. Wojambula atenge chithunzi cha 15, cha pakati pa ziwiri zija. Ngati galimoto sinasinthe liwiro, tayala liyenera kukhala pa theka la mtunda, ndiwo mamita 10. Likapezeka kutali ndi pamenepo, ndiye kuti dalaivala amagwira mabuleki, kapena kuwerenga kwalakwika, ndipo ntchito iyambidwenso.

Tanthauzo la nambalayi

Lole ya makilomita 72 pa ola imatha mamita 20 pa sekondi imene dalaivala akuchotsa phazi pa mafuta kuti aponde mabuleki. Ndiponso mtunda woimira sukula mofanana ndi liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wa mabuleki umawirikiza kanayi. Kotero lole ya 72 imafuna mtunda wa mabuleki woposa pang'ono kawiri wa lole yomweyo ikamayenda pa 50. Mwana amene wa 50 akadamuimira, wa 72 amamupeza akadali pamsewu.

Muyeso umenewu umanena za sekondi imodzi yokhayo, pamalo amodzi okhawo. Sutsutsa dalaivala pa mlandu, ndipo supatsa munthu mphamvu ya kuimitsa galimoto kapena kutseka msewu. Imeneyo ndi ntchito ya apolisi a pamsewu, amene ali ndi zipangizo zawo. Chimene mudzi ungachite ndicho kuyeza magalimoto ambiri, 20 kapena 30, pa nthawi imene ana akupita kusukulu ndi poweruka, osasankha othamanga okha. Zonse zilembedwe m'kope: tsiku, nthawi, malo, mtundu wa galimoto, mtunda ndi liwiro. Kope lotere, likaperekedwa kudzera kwa anyakwawa ndi komiti ya sukulu kupita kwa apolisi kapena kwa Bwanamkubwa wa boma, limasonyeza kuti mwa magalimoto 30 ndi angati anapyola chikwangwani, ndiponso pa ola liti. Aphunzitsi a makalasi akuluakulu angathenso kupereka nambala za m'kopemo kwa ana kuti aziwerengere okha pa phunziro la masamu.