Pamene ndime ya wophunzira ili ya mwini wake: kuzindikira kukopera kosadziwa

Wophunzira wa digiri akapereka lipoti lake la kafukufuku kwa supavaiza, ambiri amayamba ayang'ana nambala yomwe pulogalamu ya pakompyuta, monga Turnitin, yatulutsa. Ikakhala yotsika, mtima umakhala m'malo. Ikakwera, thukuta limayamba. Komatu nambalayi siyankha funso loti wophunzirayo wakopera kapena ayi. Imangonena kuchuluka kwa mawu a m'lipotimo ofanana ndi zolemba zina zomwe pulogalamuyo ikuzidziwa, ndipo eni ake a Turnitin amanena okha kuti chigamulo ndi cha munthu wowerenga.

Tiwerengere pang'ono. Lipoti la mawu 20,000 likasonyeza 5 peresenti, ndiye kuti mawu 1,000 afanana ndi a kwina. Ngati onsewo achokera m'buku limodzi, amenewo ndi masamba atatu kapena anayi a mwini wake, ndipo ndi mlandu ngakhale nambala ikuwoneka yabwino. Lipoti lina lingasonyeze 28 peresenti koma lilibe vuto, chifukwa zofananazo ndi mndandanda wa mabuku wa kumapeto, mayina a mabungwe, ndi mawu ogwidwa mololedwa omwe aikidwa m'mitengero, tizizindikiro tija tosonyeza kuti awa ndi mawu a munthu wina. Choncho nambala ndi poyambira chabe. Ntchito yeniyeni ndi kuika ndime ya wophunzira pambali pa ndime ya m'buku, n'kuwona ngati maganizo adutsadi m'mutu mwake kapena angodutsa m'zala.

Kukopera kosadziwa nthawi zambiri kumabadwira m'manotsi. Wophunzira akuwerenga, wapeza chiganizo chabwino, wachikopera m'kope kapena m'kompyuta osaika mitengero ndi nambala ya tsamba. Patapita miyezi isanu akutsegula manotsiwo, chiganizo chija chikuwoneka ngati chake. Izi sizigwera ophunzira okha. Mu 2002 katswiri wa mbiri yakale wa ku America, Doris Kearns Goodwin, anavomera kuti buku lake la mu 1987 lonena za mabanja a Fitzgerald ndi Kennedy linali ndi ziganizo za olemba ena, makamaka Lynne McTaggart. Iye anafotokoza kuti m'manotsi ake olemba pamanja anasokoneza mawu ake ndi a eni ake. Kaya anthu anamukhulupirira kapena ayi, mbiri yake inadetsedwa ndithu.

Njira yachiwiri ndi yovuta kuigwira, chifukwa wophunzira amaganiza kuti akuchita bwino. Anauzidwa kuti alembe m'mawu akeake, ndiye amatsegula buku pambali, n'kumasintha liwu ndi liwu. Apa wachotsa liwu, apo waika lofanana nalo, kenaka watembenuza chiganizo pang'ono. Rebecca Moore Howard, katswiri wa kaphunzitsidwe ka kulemba wa ku America, anafotokoza khalidweli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo anati kawirikawiri limasonyeza munthu amene sanamvetse zomwe akuwerenga, osati wakuba. Pambuyo pake iye ndi Sandra Jamieson anaunika mapepala 174 a ophunzira a chaka choyamba m'makoleji 16 a ku America. Anapeza kuti mwa malo onse omwe ophunzirawo anatchula buku, 6 peresenti yokha ndi pomwe anafotokoza mwachidule mfundo ya gawo lalitali. Kwina konseko ankagwira chiganizo chimodzi kapena ziwiri.

Tiyese ndi chitsanzo. Malipoti ambiri kuno amalembedwa m'Chingerezi, koma vutoli limawoneka chimodzimodzi m'chinenero chilichonse. Tiyerekeze kuti wophunzira akufufuza za asodzi a ku Nyanja ya Chilwa, ndipo buku lomwe wawerenga lili ndi ndime yotere, yomwe tayipeka kuti tiphunzirirepo:

“Nyanja ya Chilwa ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho kuchuluka kwa madzi ake kumadalira mvula yogwa m'madera ozungulira. Mvula ikachepa kwa zaka zingapo zotsatizana, nyanjayi imaphwa, monga zinachitikira mu 1968 ndi 1995, ndipo asodzi amasamukira ku nyanja zina kapena kuyamba ulimi.”

M'lipoti la wophunzira tikupeza izi, dzina la wolemba buku ndi chaka zili kumapeto kwa ndime:

“Nyanja ya Chilwa ndi yaing'ono ndipo ilibe mtsinje wochotsa madzi, motero mulingo wa madzi ake umatengera mvula yogwa m'malo oyandikana nayo. Mvula ikavuta kwa zaka zochepa zotsatana, nyanjayi imauma, ngati momwe zinalili mu 1968 ndi 1995, ndipo asodzi amapita ku nyanja zina kapena kuyamba kulima.”

Pulogalamu yofananitsa mawu ikhoza kungogwira tizidutswa tochepa apa, kapena osagwira kanthu, chifukwa palibe mzere wautali wa mawu wofanana ndendende. Koma munthu akaika ndime ziwirizi pamodzi amawona msanga. Zonse zili ndi ziganizo ziwiri. Chiganizo choyamba chikuyamba ndi maonekedwe awiri a nyanja, kenaka liwu lolumikiza, kenaka mvula. Chachiwiri chikuyamba ndi kuchepa kwa mvula, kubwera kuphwa, zaka ziwiri zija, ndi kumaliza ndi njira ziwiri za asodzi m'ndondomeko yomweyo. Pomwe pali mneni m'buku, pali mneni mwa wophunzira. Pomwe pali mpatuliro, pali mpatuliro. Munthu akapenta njinga ya mnzake, felemu imakhalabe ya mwini wake. Kutchula dzina la wolemba kumapeto kwathandiza kusonyeza komwe mfundo zachokera, koma sikunaulule kuti kamangidwe ka ziganizo nakonso n'kobwereka. Wowerenga akunamizidwa kuti kafotokozedweka ndi ka wophunzira.

Palinso chizindikiro china m'ndime yomweyi, chofunika kuposa choyambacho. Buku lati nyanjayi ndi yosaya, wophunzira wati ndi yaing'ono. Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi muno. Kusaya kwake ndi kumene kumachititsa kuti iphwe msanga, ndiye posintha liwu limodzi wophunzira wataya chifukwa chenicheni cha nkhani yonse. Liwu lokhala pamalo polakwika chotere, lofanana pang'ono ndi loyenera koma losemphana nalo tanthauzo, ndi umboni wamphamvu woti wolemba ankasintha mawu osatsata ganizo. Mawu a ukatswiri sasinthidwa. Amene akumvetsa phunziro lake amawasiya momwe alili, n'kusintha kafotokozedwe kozungulira.

Nanga ndimeyi ikanalembedwa bwino ikanawoneka bwanji? Wophunzira akanatseka buku, n'kudzifunsa chomwe akufuna mfundoyi imugwirire m'kafukufuku wake wa asodzi. Mwina akanalemba kuti usodzi wa ku Chilwa si ntchito yomwe banja lingadalire chaka chilichonse, popeza malinga ndi wolemba wakutiwakuti nyanjayi inaphwapo mu 1968 ndi 1995, ndipo imatero chifukwa ndi yosaya moti zaka zingapo za mvula yochepa zimaigonjetsa. N'chifukwa chake kafukufukuyu akufunsa mabanja za ulimi pamodzi ndi za usodzi. Zaka ndi zomwezo, mawu akuti nyanja, mvula ndi asodzi ndi omwewo, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Chasintha ndi poyambira, ndondomeko, ndi cholinga. Dzina la wolemba labwera pomwe mfundo yake ikuyambira, kotero wowerenga akudziwa pomwe mawu a wophunzira athera ndi pomwe ayambiranso. Ngati chiganizo cha m'buku chili chokoma moti sichingasinthike, njira ndi kuchigwira chonse, kuchiika m'mitengero, ndi kupereka nambala ya tsamba.

Supavaiza sangafananitse ndime iliyonse ya lipoti la masamba 80 ndi mabuku ake. Ayenera kudziwa poti ayang'ane. Mutu wounika zomwe ena analemba kale ndi umene umakhala ndi vutoli kwambiri, chifukwa ndi momwe wophunzira amalankhula za zinthu zomwe sanaziwone yekha. Yambani mwawerenga mutu wofotokoza zomwe iye anapeza kumudzi kapena mu labu, kuti mumve liwu lake lenileni, kutalika kwa ziganizo zake ndi zolakwika zomwe amakonda kubwereza. Mukabwerera ku mutu wa mabuku, ndime yomwe mwadzidzidzi ili yosalala, yopanda zolakwika zija, idzaonekera yokha. Ndime yaitali yokhala ndi dzina limodzi kumapeto kwenikweni nayo ndi yofunika kuifufuza. Tengani mawu asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu otsatizana, muwaike m'mitengero pa Google kapena Google Scholar. Ngati buku lili pakompyuta, gwiritsani `Ctrl+F` kufufuza zomwe wokopera sangasinthe, monga chaka cha 1968 kapena dzina la malo. Zimenezi zidzakufikitsani pa ndime yoyenera ngakhale mawu ena onse asinthidwa.

Yang'ananinso mabuku omwe akutchulidwa. Wophunzira akatchula buku la m'ma 1970 lomwe silikupezeka mu laibulale kapena pa intaneti, mufunseni komwe analiwerenga. Kawirikawiri anapeza mfundoyo m'pepala lina laposachedwa, n'kutenga mawu pamodzi ndi mayina omwe mwini pepala anatchula. Lamulo ndi kunena poyera kuti wakuti ananena izi monga momwe wamutchulira wakuti. Nkhani ya mtundu umenewu inali pakati pa zomwe zinachititsa kuti yunivesite ya Düsseldorf ilande digiri ya udokotala ya Annette Schavan mu 2013, pa lipoti lomwe analemba mu 1980. Iye anakana kuti anachita chinyengo, koma anatula pansi udindo wa nduna ya maphunziro ya dziko la Germany.

Pulogalamu ili ndi malire ena ofunika kuwadziwa. Singawone buku lomwe lili papepala pokha, lipoti lakale lomwe lili pa shelefu ya dipatimenti, kapena chikalata cha boma chomwe sichinaikidwepo pa intaneti. Mawu omasuliridwa kuchokera ku chinenero china nawonso amaidutsa mosavuta. Mbali inayi, lipoti losamalizidwa likasungidwa m'nkhokwe ya pulogalamuyo, lomalizidwa likhoza kudzafanana nalo kwambiri, wophunzira n'kuwoneka ngati wakopera pomwe akufanana ndi iye mwini. Mphunzitsi akhoza kupewa zimenezi posankha kuti zoyeserera zisasungidwe.

Muyeso womaliza sufuna kompyuta. Supavaiza aitane wophunzira, atembenuze pepala, n'kumuuza kuti afotokoze pakamwa chifukwa chomwe Chilwa imaphwera. Akafotokoza bwino, vuto linali la manotsi ndi mitengero, ndipo likonzeka madzulo amodzi: alembenso ndimeyo monga wayankhulira, aike dzina pamalo pake, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chokopera m'manotsi chizikhala ndi mitengero ndi tsamba nthawi yomweyo. Akalephera kufotokoza, kusintha mawu ena sikungathandize kanthu. Ayenera kubwerera ku buku ndi kuwerenga mutu wonse, osati chiganizo chimodzi chokha, asanalembenso. Zonsezi zimatheka lipoti likadali m'manja mwa supavaiza. Likafika kwa oyesa mayeso, amaweruza zomwe zili papepala, ndipo kunena kuti sindinadziwe sikufafaniza ndime yomwe yapezeka kale m'buku la mwini wake.