Kuseka amalume osawachotsa ulemu

Chaka chatha mphwanga analakatula ndakatulo paphwando la amalume athu atakwanitsa zaka 70. Anatola zizolowezi ziwiri zokha: wailesi imene amagona nayo ikulira, ndi masupuni anayi a shuga amene amathira mu tiyi n'kumadandaulabe kuti sakumveka.

Pamene anthu anafa nacho chiseko ndi apa: "Wailesi ikuwerenga nkhani, amalume akuyankha ndi mkonono. Tangoyesani kuizimitsa, adzuka n'kufunsa kuti wazimitsa ndani."

Zinayenda chifukwa aliyense pabwalopo anazionapo yekha zimenezi, ndipo eniake anaseka mpaka kupukuta misozi. Komatu malume si msuweni woti n'kuserewulana naye mmene mwafunira. Kwa Achewa ndi mwinimbumba, amene amayendetsa maukwati ndi milandu ya ana a mlongo wake. N'chifukwa chake mphwangayo sanawatchule dzina, ndipo ndime yomaliza inathokoza fizi imene anatilipirira.

Za ngongole, mowa, matenda kapena banja lawo, ine ndimati zisalowemo. Mukaona kuti akuseka ndi ana okha, akuluakulu angowerama, dziwani kuti mwapyola malire.

Musanalakatule, kawawerengereni kaye akazi awo. Mzere umene iwo aukana, uchotseni.