Maiki pafupi, ziganizo zazifupi: kujambula mawu pafoni pamalo aphokoso

Mavidiyo ambiri a malonda amene akuyenda pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp amapangidwa kawiri. Munthu amayamba wajambula zithunzi, kenako n'kujambula mawu ofotokoza oti aikidwe pamwamba pake. Zithunzi zimatuluka bwino ngakhale pafoni yotsika mtengo. Mawu ndiwo amavuta, pakuti foni sisankha chomva: imatola mwini wake, imatolanso firiji, tambala ndi njinga yamoto ya kabaza imene ikudutsa panja.

Tiyerekeze telala amene ali ndi kashopu m'mbali mwa msewu ku Ndirande. Akufuna mawu a mphindi imodzi otsatsa madiresi a ukwati. Pansi ndi pa simenti, denga ndi la malata opanda siling'i, mnzake akupalasa makina osokera, ndipo maminibasi akuimba mahutala. Ambiri pamenepa amathamangira kufunsa za pulogalamu yochotsa phokoso. Komatu ntchito yaikulu imachitika batani lojambulira lisanadinidwe.

Chida choyamba n'chaulere: mtunda wa pakati pa kamwa ndi maiki. Mtundawo ukachepa ndi theka, mawu a wolankhula amafika pa maiki atakwera ndi madesibelo pafupifupi 6, pamene phokoso la kumsewu limangokhala mmene linalili. Telala uja akachotsa foni patebulo, pa masentimita 40, n'kuibweretsa pa masentimita 20, wapindula madesibelo 6. Akaifikitsa pa 10, wapindula 12. Msewu sunatonthole ayi, koma mawu ake auposa kwambiri. Maiki yaikulu pamafoni ambiri ili kumunsi, pafupi ndi potchajira, choncho kumunsiko ndiko kuyang'ane kukamwa.

Kuyandikiraku kuli ndi vuto lake. Chichewa chili ndi mawu ambiri otulutsa mpweya wamphamvu, monga phukusi, mphete ndi thumba. Mpweyawo ukawomba maiki mwachindunji, pamamveka kuti bu! ndipo liwulo lawonongeka. Mankhwala ake ndi kuika foni chammbali pang'ono, cha kutsaya, kuti mpweya uzidutsa osaigunda. Woyesa angaike chikhatho pamene pakhale foni n'kunena kuti "phala": akamva mphepo pachikhatho, malowo si abwino.

Kenako chipinda. Simenti, malata ndi makoma opanda kanthu zimabweza mawu, ndipo munthu amamveka ngati akulankhulira mumgolo. Kuomba m'manja kamodzi kumaulula zimenezi, chifukwa kulirako kumatsalira m'malere. Telala ali ndi mwayi pamenepa, popeza shopu yake yadzaza nsalu. Akaima pakona pamene papachikidwa zovala, bulangete lili kumbuyo kwake, kubwerera kwa mawu kumachepa kwambiri. Koma pasakhale kunamizana: bulangete limameza mawu obwerera m'chipinda, silitsekereza lole yodutsa panja. Za panja zimachepa potseka chitseko ndi mawindo ndi kutalikira khoma la kumsewu. Fani, firiji ndi wailesi zizimitsidwe, ndipo foni ikhale pa `Airplane mode` kuti wina asaimbe zinthu zili pakati.

Phokoso lotsala lili mitundu iwiri, ndipo kusiyanitsa kwake n'kumene kumalamula kalembedwe ka mawu owerengawo. Lilipo losasintha, monga kung'ung'uza kwa firiji kapena jenereta ya patali magetsi akazima. Limeneli pulogalamu imatha kulichepetsa. Mu Audacity, pulogalamu yaulere ya pakompyuta, munthu amasankha kachigawo kopanda mawu, n'kupita pa `Noise Reduction`, n'kudina `Get Noise Profile` kuti pulogalamuyo ilidziwe phokosolo, kenako n'kulichotsa ponseponse. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amajambula masekondi 20 kapena 30 ali chete asanayambe kuwerenga. Akachotsa mopyola muyeso, mawu amatuluka opyapyala ndi olira zitsulo, ndipo pamenepo bola kusiyako kaphokoso pang'ono.

Lina ndi ladzidzidzi: hutala, tambala, mwana kulira, poto kugwa. Limeneli likagwera pamwamba pa liwu, awiriwo amatana, ndipo kuwalekanitsa bwinobwino n'kovuta kwambiri. Njira yodalirika ndi kulizemba, ndipo kuzembako kumayambira papepala.

Telala akalemba ndime imodzi yaitali yoti aiwerenge mphindi yathunthu osapumira, akubetcha kuti msewu ukhala chete masekondi 60. Ku Ndirande masana, kubetcha kumeneko waluza kale. Koma akaidula m'zidutswa khumi kapena khumi ndi ziwiri, chilichonse cha mpweya umodzi, masekondi 5 kapena 6, amangofunika timipata tating'ono ta bata, ndipo timipata totere timapezeka ngakhale pamsewu wotanganidwa. Chiganizo chonena kuti amasoka madiresi a akwati ndi a operekeza pamtengo wabwino komanso amamaliza m'sabata ziwiri ngati munthu wabweretsa nsalu yake chimasanduka zitatu: "Timasoka madiresi a akwati ndi a operekeza." "Bwerani ndi nsalu yanu." "M'sabata ziwiri, diresi latha." Chidutswa chilichonse chimapatsidwa nambala papepala. Hutala ikalira pa chachinayi, iye amadikira, n'kubwereza chiganizo chonsecho kuyambira poyamba, osati liwu lokhalo limene lawonongeka, chifukwa liwu lojambulidwa palokha silikwerana bwino ndi anzake polumikiza. Mtengo, malo ndi nambala ya foni zimayenera chidutswa chawochawo, chojambulidwa katatu, pakuti womvera akaphonya zimenezo vidiyo yonse yapita pachabe.

Pakati pa zidutswa pamafunika kupuma kwa masekondi awiri kuti podula papezeke. Apa mafoni ambiri amachita kanthu kodabwitsa: wolankhula akangosiya, foni imakweza yokha mphamvu ya maiki, phokoso n'kufufuma m'mipatamo. Mipata yofufumayo imadulidwa, ndipo m'malo mwake mumaikidwa kachidutswa ka bata lija linajambulidwa poyamba. Kusiya mpata wopanda kalikonse n'kolakwika, chifukwa khutu limadzidzimuka phokoso likamazima ndi kuyaka.

Nanga phokoso likakana kuchoka? Nthawi zina nzeru ndi kulilowetsa m'nkhani. Makina osokera akamamveka kumbuyo popanda chifukwa, womvera amaona ngati n'kusasamala. Koma chiganizo choyamba chikati "Muno ndi m'shopu mwathu, makina ali pakalikiliki," kulira komweko kumakhala umboni wakuti ntchito ikugwiridwa. Atolankhani a pawailesi amachita zimenezi akamalankhula ali pamsika kapena pabwalo la mpira. Chofunika n'chakuti phokosolo ligwirizane ndi zimene zikuoneka pavidiyo.

Nyimbo ya kwa aneba ndi nkhani ina. Imeneyo siilowetsedwa m'nkhani, chifukwa paliponse podula nyimboyo imadumpha, ndipo aliyense amamva kuti apa alumikiza. YouTube ndi Facebook zimathanso kuizindikira n'kuika chiletso pa vidiyoyo kapena kuitsekera mawu. Mvula ya pamalata nayo ilibe mankhwala, popeza kuwaza kwake kumakwirira malembo ngati s ndi f, amene amathandiza kuti mawu amveke bwino. Ziwirizi zimangofuna kudikira, ndipo m'makomboni ambiri nthawi yabwino ndi usiku kwambiri kapena m'mamawa magalimoto asanachuluke, kungoti m'mamawamo atambala ndiye ali pantchito.

Asanachoke pakona paja, telala ayenera kumvetsera zonse ndi mahedifoni, chifukwa sipika ya foni imabisa kung'ung'uza kwa pansi. Chidutswa chobwerezedwa mawa sichifanana ndi cha lero: mawu a munthu amakhala atasintha, msewu nawonso. Ndipo ngati wolumikiza vidiyo ndi munthu wina, mawuwo asajambulidwe ngati voisinoti ya pa WhatsApp, imene imafinyidwa kuti idye bandulo yochepa. Ajambulidwe ndi pulogalamu yojambulira mawu, mu `WAV` ngati foni ikulola, n'kutumizidwa ngati `Document` kuti afike mmene anajambulidwira.