Feteleza wakwera mtengo pakati pa mwezi: nanga wotsala m'sitolo ndi wa ndalama zingati?

Pa 9 Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi ya ku America inachoka pa ndalama pafupifupi K1,180 n'kufika pa K1,700. Feteleza wathu amachokera kunja, choncho mitengo siinachedwe kulumpha, ndipotu izi zinachitika nthawi imene alimi amakhala akukonzekera kudzala. Ogulitsa zipangizo za ulimi pa Euthini, amene amakapikula katundu ku Mzimba boma kapena ku Mzuzu, anapezeka kuti m'chipinda chimodzi muli matumba ofanana ndendende koma ogulidwa pa mitengo yosiyana.

Funso limene ndakhala ndikulandira kuchokera kwa eni timasitolo ndi asungichuma a makalabu a alimi ndi lakuti, pakutha pa mwezi wotere, matumba otsalawo tiwalembe pa mtengo uti? Ena amatenga mtengo wakale, ena mtengo wa lisiti lomaliza, ena amangophatikiza mtengo umene akugulitsira. Yankho lake likasokonekera, phindu la mwezi wonse limasokonekeranso, ndipo m'kalabu ndi pamene anthu amayambira kulozana zala.

Njira imene ndifotokoze pano akatswiri owerengera ndalama amailemba ndi zilembo zinayi, FIFO, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti katundu woyamba kulowa ndiye woyamba kutuluka. Powerengera timatenga ngati matumba amene tinayamba kugula ndiwo tinayambanso kugulitsa. Ngati zili choncho, ndiye kuti otsala m'sitolo ndi aja tagula kumapeto. Mfundo yonse yagona pamenepa: mtengo wa katundu wotsala timaufuna kuyambira pa lisiti lomaliza n'kumabwerera m'mbuyo.

Tiyerekeze sitolo ina pa Euthini imene imagulitsa feteleza wa yureya wa makilogalamu 50. Mitengo ili m'munsiyi ndaika ndekha kuti masamu aoneke bwino, koma kakweredwe kake ndi kofanana ndi ka mwezi wovuta ngati umene uja. Pa 1 Novembala m'sitolo munali matumba 20 otsala mwezi wa Okutobala, ndipo mwini wake anapikulanso katatu:

Pa 1 Novembala, otsala: matumba 20 pa K70,000, pamodzi K1,400,000.
Pa 6 Novembala: matumba 30 pa K72,000, pamodzi K2,160,000.
Pa 15 Novembala: matumba 40 pa K85,000, pamodzi K3,400,000.
Pa 27 Novembala: matumba 25 pa K92,000, pamodzi K2,300,000.

Tikaphatikiza, matumba onse amene anadutsa m'manja mwake ndi 115, ndipo anamudyera K9,260,000.

Tisanapitirire, ndinene za mtengo wa thumba limodzi, pakuti apa ambiri amaphonya. Mtengo woyenera kulemba si wa pa lisiti wokha ayi, koma ndalama zonse zimene zatuluka kuti thumbalo lifike pakhomo pa sitolo. Pa ulendo wa pa 27 uja, tinene kuti ku depoti thumba linali K90,000, ndipo galimoto pamodzi ndi anyamata okweza ndi kutsitsa zinatenga K50,000. Kugawa K50,000 ku matumba 25, thumba lililonse likusenza K2,000, n'chifukwa chake talemba K92,000. Amene amayenda msewu wa ku Euthini nthawi ya mvula akudziwa kuti ndalama ya mayendedwe si yoti n'kuiwala. Koma lendi ya sitolo ndi malipiro a wogulitsa pa kauntala musaziike m'menemu. Zimenezo zili ndi malo ake pochotsera phindu.

Tsono madzulo a pa 30 Novembala mwini sitolo atseke chitseko, alowe m'chipinda ndi kuwerenga matumba limodzi limodzi ndi manja. Asatenge nambala ya m'buku kaye. Tinene kuti wapeza matumba 35. Pa 115 kuchotsa 35 patsala 80, ndipo akayang'ana m'buku la malonda apeze kuti anagulitsadi matumba 80. Manambala awiriwa akagwirizana, apitirire.

Lisiti lomaliza ndi la pa 27, la matumba 25. Onsewo tiwatenga kuti akadali m'sitolo, pa K92,000, zomwe zikupereka K2,300,000. Koma otsala ndi 35, choncho pali matumba 10 amene sanapeze mtengo. Amenewa tiwatenga pa lisiti lotsatira pobwerera m'mbuyo, la pa 15, pa K85,000, ndipo akupereka K850,000. Kuphatikiza ziwirizi, katundu wotsala ndi wa K3,150,000. Malisiti a pa 6 ndi pa 1 sitinawakhudze n'komwe chifukwa matumba 35 akwanira kale.

Mtengo wa matumba amene anagulitsidwa timaupeza pochotsa K3,150,000 pa K9,260,000, ndipo patsala K6,110,000. Ine ndimakonda kuti munthu atsimikize poyambira kutsogolo: matumba 20 oyamba K1,400,000, matumba 30 otsatira K2,160,000, ndi matumba 30 a gulu la pa 15 K2,550,000. Pamodzi ndi matumba 80 ndi K6,110,000 yomweyo. Mayankho awiriwa akasiyana, dziwani kuti pena mwadumpha lisiti kapena mwalakwitsa kuchulukitsa.

Wina adzati, “Koma achimwene, ine matumba atsopano ndimawaunjika kutsogolo, ndipo ndi amene amayamba kutuluka. Akale aja akadali pansi kungodya.” Pa masamu zimenezo zilibe kanthu. Thumba la yureya ndi thumba la yureya, ndipo njirayi ikutsata ndalama, osati chizindikiro cha pa thumba. Komabe monga mlangizi wa zaulimi ndinganene kuti kaunjikidwe kotero ndi koipa. Yureya amakoka chinyezi ndipo akakhalitsa pansi amaundana, ndipo mbewu ya chimanga ikagonera kameredwe kake kamatsika. Ndi bwino kuti zakale zizitulukadi poyamba.

Onani tsopano m'mene njira zachidule zimasocheretsera. Amene wachulukitsa matumba onse 35 ndi mtengo womaliza wa K92,000 apeza K3,220,000, wawonjezera K70,000 imene sanalipire. Amene wagwiritsa mtengo wakale wa K70,000 apeza K2,450,000, wabisa K700,000 yathunthu, ndipo ngati ndi msungichuma wa kalabu, mamembala ali ndi chifukwa chomufunsira mafunso. Kwacha iliyonse imene yawonjezeka pa katundu wotsala imawonjezekanso pa phindu, ndipo iliyonse imene yachotsedwa imachepetsa phindu. Kulemba pa mtengo wogulitsira ndiye kolakwika kwambiri, chifukwa ndi kudya phindu la katundu amene sanapeze womugula.

Ilipo njira ina yovomerezeka, yotenga mtengo wapakati. Mumagawa K9,260,000 ndi matumba 115, thumba n'kukhala pafupifupi K80,522, ndipo otsala 35 aja n'kukhala a ndalama pafupifupi K2,818,000. Lamulo la pa dziko lonse lowerengera katundu, lotchedwa IAS 2, limalola njira ziwirizi, koma kuyambira 2005 linaletsa njira yotenga katundu womaliza kulowa ngati woyamba kutuluka. Chofunika n'chakuti mukasankha njira imodzi mukhale nayo. Kusinthasintha mwezi ndi mwezi kumachititsa kuti phindu la Novembala lisayerekezeke ndi la Disembala.

Pali msampha umodzi umene njira ya FIFO imatchera mitengo ikamakwera, ndipo ndi umene unagwetsa mpamba wa anthu ambiri. Tinene kuti mwini sitolo uja anagulitsa matumba 50 oyamba pa K80,000, n'kupeza K4,000,000, ndipo atakweza mtengo anagulitsa 30 enawo pa K95,000, n'kupeza K2,850,000. Ndalama zonse zolowa ndi K6,850,000. Kuchotsapo K6,110,000, buku likuonetsa phindu la K740,000 tisanachotse lendi ndi malipiro. Masamuwa ndi olondola, ndipo munthu angathe kumwetulira.

Koma m'mawa wa pa 1 Disembala akafuna kubwezera matumba 80 amene atuluka, pa K92,000 akufunika K7,360,000. M'thumba ali ndi K6,850,000. Yapelewera K510,000. Ngakhale atapanda kudyapo tambala imodzi, ndalama zake zonse zigula matumba 74 okha. Anagulitsa 80, abweza 74, pamene buku likuti wapindula. Chifukwa chake n'chakuti njirayi imayerekeza ndalama zogulitsira za lero ndi mitengo yopikulira ya dzana, choncho mbali ina ya phindulo yangobwera kaamba ka kukwera kwa mitengo. Maganizo anga ndi akuti FIFO ndi yabwino podziwa mtengo wa katundu wotsala, popeza imapereka nambala yoyandikana ndi mitengo ya pa msika, koma si yoyenera kuikira mtengo wogulitsira kapena kugawirana phindu m'kalabu. Pa ziwirizi funsani kaye kuti thumba likupikulidwa zingati lero. Matumba 50 aja anapita pa K80,000 ndiwo anabweretsa dzenje lonseli.

Nanga kuwerenga kukapanda kugwirizana ndi buku? Ngati buku likuti mwagulitsa 78 koma m'chipinda muli 35, ndiye kuti matumba awiri asowa. Mtengo wa katundu wotsala muwerengerebe pa 35 amene mwawaona ndi maso, ndipo awiriwo alembedwe padera ngati otayika. Kawirikawiri amakhala angongole imene wina anaiwala kulemba, kapena thumba limene linatsegulidwa n'kumagulitsidwa pa sikelo. Lotsegulidwalo liyezeni: ngati mwatsala makilogalamu 20, ndi magawo awiri mwa asanu a thumba, ndipo muliwerengere motero.

Thumba lonyowa kapena loundana lili ndi lamulo lake. Katundu salembedwa pa mtengo woposa umene angagulitsidwire. Ngati limodzi mwa matumba a K85,000 ladonthedwa ndi denga ndipo mlimi angalitenge pa K60,000 basi, lilembeni K60,000, ndipo K3,150,000 ija itsika kufika pa K3,125,000. Kumbukiraninso kuti mtundu uliwonse wa katundu ukhale ndi tsamba lake. Yureya payekha, feteleza wokulitsa wa 23:10:5+6S+1Zn payekha, mbewu ya makilogalamu awiri padera ndi ya makilogalamu asanu. Mukasakaniza, magulu a mitengo aja sangatsatike.

Potsegula tsamba la Disembala musalembe mzere umodzi wakuti matumba 35, K3,150,000. Lembani mizere iwiri: matumba 10 pa K85,000 pamwamba, ndi matumba 25 pa K92,000 pansi pake. Mlimi woyamba kugula matumba 12 mwezi umenewo adzatenga 10 onse a mzere woyamba ndi awiri a mzere wachiwiri, ndipo m'buku mtengo wopikulira wa matumba akewo udzakhala K1,034,000.