Emusi wa chisangalalo cha womaliza maphunziro amayamba ndi ola lotsekera

Mwana akalandira digiri yake mu holo yaikulu ya Yunivesite ya Malawi ku Zomba, abale amafuna kuti chimwemwecho chifike ndi kwa anthu amene sanakwane mu holomo. Ndiye amakonza chisangalalo, n'kupeza munthu wodziwa kuyankhula kuti akhale emusi. Ambiri amasankha munthu wanthabwala, ndipo nthabwala n'zofunikadi. Koma chimene chimathandiza banja kwambiri ndi pepala limene emusiyo walemba tsikulo lisanafike, pamene palembedwa mawu oti anene komanso mphindi za chinthu chilichonse.

Tiyerekeze banja limene labwereka holo kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko madzulo. Ola lotsekeralo silisuntha. Mwini holo akufuna makiyi ake, ndipo abale ochokera ku Machinga ndi ku Mulanje ayenera kupeza minibasi kusanade, poti kwathu kuno dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, m'miyezi yozizira lisanafike n'komwe pamenepo. Choncho emusi ayambe kulemba kuchokera ku 5 koloko n'kumabwerera m'mbuyo. Ali ndi mphindi 180. Achotsepo 20 n'kuzibisa, osauza aliyense, chifukwa n'zimene zidzamupulumutse magetsi akazima kapena keke ikachedwa. Pa 160 zotsalazo, chakudya chitenge 40, perekaniperekani 45, ndipo zoyankhula 25. Kulowa kwa womaliza maphunziro pamodzi ndi pemphero zitenge 15, kudula keke ndi mphatso 15, kenaka 20 zomaliza zikhale za zithunzi, kuthokoza ndi pemphero lotsekera.

Akatero alembe ola lenileni pambali pa gawo lililonse: zoyankhula 2:15, keke 2:40, perekaniperekani 2:55, chakudya 3:40, zithunzi 4:20. Kulemba kuti "mphindi 25" kokha sikuthandiza munthu amene ali pakati pa phokoso. Koma akayang'ana wotchi n'kuona 2:50 amalume akadali pa maiki, amadziwa pompo kuti watsalira ndi mphindi 10. Ola la chakudya aliuze ophika dzulo lake, chifukwa nsima siyembekezera munthu. Ine ndimaona kuti chakudya chizibwera perekaniperekani atatha, popeza anthu ambiri akadya amayamba kutsanzika, ndipo mbale yofupira imatsala yopepuka.

Zoyankhula ndiye pamene nthawi imatayika mosadziwika. M'mphindi 25 zija mukwana anthu anayi a mphindi 3 aliyense, ndi mwini tsiku wa mphindi 6. Zotsala 7 zimathera kuyenda kuchokera pampando, kupatsana maiki ndi kuomba m'manja, zinthu zimene olemba pulogalamu ambiri saziwerengera. Woyankhula aliyense auzidwe kukadali masiku, ndipo apatsidwe mutu umodzi. Amayi anene za ubwana wa mwanayo. Amalume ayankhule m'malo mwa banja. Mnzake wa kusukulu afotokoze chinthu chimodzi chimene anadutsamo limodzi, ndipo abusa kapena ashehe apereke malangizo. Anthu akapanda kupatsidwa mitu, onse anayi amafotokoza nkhani imodzimodzi ya mmene fizi inkavutira.

Palinso mwambo wathu wopereka ulemu. Aliyense akaimirira amayamba kutchula amfumu, abusa, makolo a mbali zonse ndi alendo olemekezeka, ndipo mphindi yathunthu imatha asanayambe nkhani. Ulemuwo ndi wabwino ndipo suyenera kutayidwa, koma emusi angaupereke yekha kamodzi, mokwanira ndi modekha, n'kumaliza motere: "Ulemu wonse ndaupereka m'malo mwa onse amene ayankhule lero. Choncho makolo anga, mukalandira maiki, lowani m'nkhani, palibe amene akuoneni ngati achipongwe." Mawu amenewa amamasula oyankhula, chifukwa ambiri amatchula maudindo poopa kuoneka osaleredwa.

Nanga amalume akapitirira? Munthu wamkulu salandidwa maiki pagulu, ndipo emusi amene amachita zimenezi amasiya chilonda m'banja. Njira yake ndi yoti agwirizane nawo kale: "Amalume, mukaona ndaimirira, ndiye kuti kwatsala mphindi imodzi." Nthawi ikakwana emusi aimirire, kenaka asendere pafupi mwaulemu, ndipo adikire pamene mkuluyo wanena mawu okoma anthu n'kuyamba kuomba m'manja. Apo ndi pomwe alowerepo: "Mawu amenewo ndi aakulu. Tiwaombere m'manja amalume, nthungululu amayi!" Dijeyi, amene nayenso ali ndi pepala lomwelo, akweze nyimbo pang'ono. Amalume amabwerera pampando akuomberedwa m'manja, ulemu wawo uli wonse. N'chifukwa chake emusi azikhala ndi maiki yakeyake. Ngati ilipo imodzi yokha, aigwire yekha kapena iikidwe pachoimikira, poti maiki ikalowa m'manja mwa munthu imavuta kubwerera.

Mawu olumikizira gawo lina ndi linzake ayenera kulembedwa onse, liwu ndi liwu, chifukwa pamenepa ndi pamene emusi wosakonzeka amayamba kubwebweta kapena kufunsa pa maiki kuti tsopano tichite chiyani. Mawuwa akhale ziganizo ziwiri kapena zitatu: athokoze amene wamaliza potengapo mfundo imodzi imene wanena, atchule chimene chikubwera, ndipo auze anthu chochita. Mwachitsanzo: "Zikomo amayi. Mwatikumbutsa kuti mwanayu ankawerenga ndi koloboyi. Lero wavala gauni, ndipo mnzake amene ankakhala naye chipinda chimodzi atiuza mmene zinalili ku Zomba." Woyankhula wotsatira akhale atakhala kale pampando wa kutsogolo, kuti asachite kufunidwa panja. Ntchito yomubweretsa ndi ya mthandizi wa emusi, munthu mmodzi amene amayenda mwakachetechete kukonzekeretsa wotsatira.

Perekaniperekani amafuna dzanja lolimba kuposa zonse, chifukwa ndi wokoma ndipo amabweretsa ndalama, choncho palibe amene amafuna kuti athe. Mphindi 45 zigawidwe m'magulu 9 a mphindi 5: akuchimuna, akuchikazi, akumpingo, anzake a kusukulu, aneba, ndi ena otero. Gulu lililonse nyimbo imodzi, ikatha basi. Osintha ndalama akhale patebulo lawo phwando lisanayambe, kuti munthu amene wabwera ndi K5,000 apeze zing'onozing'ono asanaitanidwe. Emusi aziyang'ana bwalo: akaona kuti ovina ndi omwewo ndipo m'mbale simukugwanso kanthu, gululo latha ngakhale nyimbo isanathe, aitane lina.

Tsopano tinene kuti alendo achedwa ndipo mwambo wayamba 2:30. Mphindi 20 zobisika zija zapita, ndipo pakufunika zina 10. Emusi wokonzeka sathamangitsa pemphero kapena kudula mawu a mwini tsiku, amene wavutikira zaka zinayi kuti afike pamenepa. Papepala pake anaika kale chizindikiro pa zinthu zimene zingaphatikizidwe, ndipo anagwirizana ndi banja dzulo lake. Aneba avine limodzi ndi akumpingo, anzake a kusekondale limodzi ndi a kuyunivesite, magulu atsike kuchoka pa 9 kufika pa 7. Mphindi 10 zapezeka. Chakudya chisunthira pa 4 koloko, ndipo mthandizi athamange kukauza ophika nthawi yomweyo kuti asafulumire kuomola nsima. Zithunzi ziyamba 4:40, ndipo pemphero lotsekera litha 5 koloko yeniyeni.